Mwana Wopanda Chidindo

Boti limene tinakwera ku Mbamba Bay linayenera kukocheza padoko la ku Nkhata Bay, pamene pali ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Silinafikeko. Injini inayamba kutsokomola tili pakati pa nyanja, inazima, mwini boti n'kuikonza, inazimanso, ndipo nthawi yonseyo mphepo ya mpoto inkatikankhira kumwera. Mtunda utayamba kuoneka bwino ndinazindikira mapiri a kwathu. Mwini boti anati mafuta amuthera, sangabwererenso kumpoto, choncho analunjika pamchenga wapafupi, pakati pa Chintheche ndi Bandawe. Linali dzuwa la masana, m'nyengo ya mvula.

Pamiyendo panga panali mwana wanga wamkazi wa zaka zinayi. Anali atasanza kawiri panjira ndipo anali atagona.

Mayi ake anali wa kutsidya kwa nyanja, ku Tanzania. Ankabwera kudzagulitsa zitenje pamsika wa Chintheche, ndipo ndi pomwepo pamene ndinamuonera, ine nditangoyamba kuphunzitsa pasekondale yoyendera ya kwathu. Tinakwatirana kutchalitchi. Anamwalira pobereka mwana wathu wachiwiri, mwanayo n'kupita naye limodzi. Pa zimenezo sindilembapo zambiri.

Maliro atatha, apongozi anga anachita zinthu ziwiri. Anasonkhanitsa katundu yense wa mwana wawo amene anali kuchipinda, n'kumulongedza m'sutikesi yaikulu yabuluu, n'kuimanga ndi chitenje pakati. Anati isatsegulidwe mpaka abale a malemu adzabwere mvula ikatha, kudzagawa zovala monga mwa mwambo. Kenaka anapempha kuti atenge mdzukulu wawo akakhale naye pang'ono, kuti asamaone anthu akulira. Ndinavomera zonse. Masiku amenewo ndikanavomera chilichonse. Anawoloka pa boti la m'bale wawo wogula usipa, kuchokera pagombe la pamudzi, monga achitira anthu a m'mbali mwa nyanja chikhalire. Palibe amene anaganiza za chidindo. Kwa apongozi anga nyanja ndi njira yopitira kwa achibale, si malire.

Patapita miyezi ndinalephera kupirira, ndinanyamuka kukamutenga. Ndinatenga pasipoti yanga ndi chitupa cha unzika. Ndinkadziwa kuti buku la kusikelo la mwana, kapepala kolembetsera kubadwa kwake ndi kalata ya imfa ya mayi ake zinali m'sutikesi muja, m'thumba la pulasitiki limene mkazi wanga ankasungiramo mapepala. Ndinaima pafupi nayo m'mawa wa ulendo. Sindinaikhudze. Ndinadziuza kuti palibe munthu angandifunse umboni wa mwana wanga yemwe.

Kutsidya zinayenda. Apongozi anandiperekeza kuofesi, anafotokoza m'chinenero chawo, mkulu wa ofesiyo amawadziwa, anadinda pasipoti yanga n'kutilola. Vuto linali kumukweza mwanayo m'boti. Anakakamira chitenje cha agogo ake akulira. Ndiye agogowo anawerama n'kumuuza m'Chiswahili, chimene ndimamva pang'ono, kuti apite chifukwa mayi ake akumudikira kunyumba. Mwana anasiya kulira nthawi yomweyo, n'kundipatsa dzanja. Kwathu kuno ndi kutsidya n'chimodzimodzi, mwana wamng'ono samuuza za imfa. Amamuuza kuti apita kutali, abwera.

Titakocheza, asodzi amene ankasoka maukonde anasiya ntchito n'kutizungulira. Magombe amenewa maboti ena amatsitsirapo alendo opanda zitupa, ndiye achitetezo cha m'mudzi sachedwa kuimba foni. Anatiuza kuti aliyense akhale pamchenga, apolisi akubwera. Bambo wina amene mwana wake ndinamuphunzitsapo anandiyandikira.

“Aphunzitsi, inu ndi wathu. Nyamulani mwanayo, dutsani m'munda wa chinangwawu. Sitinakuoneni.”

Ndinayang'ana kanjirako. Ndikanafika kunyumba dzuwa lisanapendeke. Koma pasipoti yanga inkasonyeza kuti ndinatuluka m'dziko ndipo sindinalowenso, komanso mwini boti anali ndi chiwerengero cha anthu amene anakweza. Munthu wothawa ndi mwana m'manja amaoneka ngati munthu wothawa ndi mwana, kaya zifukwa zake n'zotani. Ndinawathokoza, n'kukhala pansi.

Galimoto ya apolisi inatitenga maulendo awiri. Kupolisi anatikhazika pakhonde, anatolera mapasipoti ndi mafoni, n'kunena kuti tidikire mkulu wa zolowa ndi kutuluka amene akuchokera ku Boma. Panalibe amene anatikalipira. Mwana anadzuka, ndinamupatsa madzi ndi nthochi.

Pakati pathu panali wamalonda wina wonenepa amene anali ndi mabelo a nsalu. Anali wolongolola kuyambira m'boti. Tsopano anaimirira n'kuyamba kukuwa kuti iye amalipira msonkho, amadziwa akuluakulu ku Mzuzu, ndipo foni yake ndi yodula kuposa njinga ya wapolisi. Anthu anaseka. Kuseka kuja kunamulimbitsa mtima. Analowa kukauntala, anatambasula dzanja kuti atenge foni yake, wapolisi anamugwira mkono, iye n'kumukankha. Sipanatenge nthawi. Tinangomva chitseko chachitsulo chikutsekedwa mkati. Munthu amene analibe mlandu uliwonse, kupatula kukwera boti lowonongeka injini, tsopano anali ndi mlandu weniweni.

Mayi wina wogulitsa usipa amene anakhala pafupi nane anandigunda ndi chigongono.

“Achimwene, mwanayu pepala lake muli nalo?”

“Ndilibe pano.”

“Mayi ake ali kuti?”

Ndinayang'ana mwanayo. Ankasewera ndi khoko la nthochi. Ndinapukusa mutu pang'ono, mayiyo anamva.

“Pepani. Koma mverani ine, ndawoloka nyanjayi kuyambira inu muli kusukulu. Musatchule zimenezo. Mukangotero ayamba mafunso a makalata. Nenani kuti mayi ake ali kunyumba akudwala, buku mwaiwala. Mukaikapo ka fanta, basi, mwatuluka.”

Ankandifunira zabwino. Ndinamuyankha kuti ndamva. Koma kunyumba kwanga kunali pafupi kwambiri moti wapolisi akanatha kupitako pa njinga kukaona mayi wodwalayo.

Mkulu uja anafika dzuwa litapendeka. Anali wamtali, wa imvi pang'ono, wolankhula Chichewa cha chigawo chapakati, chosasakaniza. Anayamba kuitana mmodzimmodzi. Ambiri ankatuluka msanga, atauzidwa kuti akadinditse ku Boma mawa lake. Ine anandiitana chakumapeto.

M'chipindamo munali tebulo, mipando itatu, ndi zenera loyang'ana pabwalo. Wapolisi wachinyamata anakhala pambali ndi pepala ndi cholembera. Mkuluyo anatsegula pasipoti yanga, anayang'ana chithunzi, anandiyang'ana.

“Ntchito?”

“Ndine mphunzitsi, bwana.”

“Munatuluka nokha. Mwabwera awiri.”

“Inde. Ndi mwana wanga. Ndinapita kukamutenga kwa agogo ake.”

“Chitupa chake choyendera?”

“Alibe.”

“Anatuluka bwanji m'dziko muno?”

Ndinafuna kufotokoza zonse, koma mwanayo anali atatsamira bondo langa, akumvetsera. Chichewa amamva pang'ono, chifukwa kunyumba tinkalankhula Chitonga ndi Chiswahili cha mayi ake. Komabe mawu akuti maliro amawadziwa m'chinenero chilichonse. Ndinapempha kuti ngati n'kotheka ndiyankhe funsolo iye atatuluka. Mkuluyo anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona kuti pempho langalo silinandithandize. Anaitana wapolisi wamkazi, amene ndinamva pambuyo pake kuti kwawo ndi ku Karonga, kuti amutenge mwanayo.

“Ndikupempha kuti akhale poti ndizimuona,” ndinatero. “Ndi wamng'ono, ndipo lero wadwala panyanja.”

“Akhala pansi pa mtengo apo. Zenera ndi ili.”

Mwana atatuluka ndinafotokoza mwadongosolo: ukwati, imfa, boti la usipa, sutikesi. Ndinanena poyera kuti anatuluka osadutsa paofesi ndipo ine ndinalola. Wapolisi wachinyamata ankalemba. Pazenera ndinkaona wapolisi wamkazi atanjuta, akulankhula ndi mwana wanga, ndipo mwanayo akuyankha, mpaka kuloza ndi chala. Ndinadziwa kuti apeza chinenero chimodzi. Ndinadziwanso funso limene munthu aliyense amafunsa mwana wamng'ono.

Wapolisi wamkaziyo analowa, anamusiya mwana ndi mayi wa usipa uja, n'kunong'oneza mkuluyo. Mkuluyo anatseka pasipoti yanga n'kuikapo dzanja.

“Aphunzitsi, mwati mkazi wanu anamwalira.”

“Inde.”

“Mwanayu akuti mayi ake ali moyo. Akuti akumudikira kunyumba. Chichewa sakuyankha, akuyankha Chiswahili. Atafunsidwa kumene amakhala, watchula kutsidya. Pepala lake mulibe, kalata ya imfa mulibe, ndipo mwalowera pagombe. Inuyo mukanakhala pampando wangawu, mukanaganiza chiyani?”

Sindingathe kulemba bwino zimene zinachitika m'thupi mwanga. Ndinaona tebulo lija, n'kudziwa kuti ndingathe kuligubuduza. Ndinali nditanyamula bokosi la mkazi wanga, ndinali nditathira dothi, ndipo munthu uyu ankandipempha umboni. Mawu anali atafika kale pakhosi, ndipo anali mawu oipa. Kuseri kwa khoma wamalonda uja ankamenya chitseko. Phokoso limenelo linandithandiza. Ndinaika manja onse pamaondo, poonekera, n'kupuma mpaka mpweya unayamba kulowa bwino.

Chaka chilichonse ndimaphunzitsa ana a fomu yachitatu za ufulu wa munthu amene wagwidwa. Ndimalemba pabolodi, iwo amakopera, amakhoza mayeso. Sindinkadziwa kuti mawu amenewo amalemera chonchi pakamwa.

“Bwana, ndikufuna ndidziwe. Ndamangidwa?”

“Ayi. Pakadali pano takusungani kuti tifufuze.”

“Mukufufuza chiyani kwenikweni? Ndikupempha mundiuze momveka, kuti ndidziwe chimene ndikuyankha.”

“Ziwiri. Kulowera pamalo osaloledwa, koma zimenezo ndi za boti lonse, ndipo tamva za injini. Chachiwiri ndi mwanayu. Tiyenera kutsimikiza kuti si mwana wozembetsedwa.”

“Zikapanda kutsimikizika lero?”

“Inu mugona konkuno. Mwana tiwaitana a zachisamaliro cha ana ku Boma, akamusunga mpaka nkhani ithe.”

Ananena mosaopseza, ngati munthu wouza mnzake nthawi ya basi. Ndinayang'ana pazenera. Mwana wanga ankaonetsa mayi wa usipa chilonda cha pabondo. M'miyezi yochepa anali atachotsedwa kwa mayi ake, kwa ine, kwa agogo ake. Tsopano akanakwezedwa galimoto ndi anthu osawadziwa, kupita kumalo kumene mwina palibe womva chinenero chake, akukhulupirira kuti mayi ake akumudikira ndipo ine ndi amene ndalephera kumufikitsa.

Ndinkadziwa kuti popeza tsopano akundiganizira mlandu, ndinali ndi ufulu wokhala chete ndi wopempha loya, ndipo boma lili ndi maloya othandiza anthu osauka. Ndinkadziwanso kuti akandimanga ayenera kundipititsa kukhoti pasanathe maola makumi anayi ndi asanu ndi atatu. Koma kwa mwana wa zaka zinayi masiku awiri ndi nthawi yaitali kwambiri. Kukhala chete kukananditeteza ine, iye ayi. Ndinasankha kulankhula, koma kulankhula zokhazo zimene zingathe kufufuzidwa.

“Mwanayu sanauzidwe, bwana. Agogo ake anamuuza lero m'mawa kuti mayi ake akumudikira, kuti akwere boti. Akunena zimene anauzidwa. Manda ali pafupi. Mapepala ali kunyumba. Ndikupempha foni yanga ndidziwitse mayi anga kuti ndili kuno, abweretse. Mukhoza kumvetsera. Ndipo mukaganiza zonditsegulira mlandu, mundiuze, pamenepo ndidzapempha loya ndisanayankhe china.”

Wapolisi wachinyamata anaseka. “Aphunzitsi ayamba kutipatsa phunziro. Tikopere, bwana?”

“Apatse foni yawo,” anatero mkuluyo, osaseka.

Foni inali itatsala pang'ono kuzima. Mayi anga alibe foni, ndinaimbira mlongo wanga amene amakhala nawo pafupi, iye n'kuthamangira nayo. Ndinalankhula Chichewa dala kuti onse amve, ngakhale mayi anandiyankha m'Chitonga. Ndinawauza kuti ndili bwino, mwana ali bwino, tili kupolisi, ndipo ndikufuna thumba la pulasitiki limene lili m'sutikesi yabuluu.

“Ija yomanga?”

“Yomweyo, ama.”

“Ine sindingamasule mfundo ya azimayi anzanga. Akadzabwera ndidzawauza chiyani? Kuti ndinapisa m'zovala za mwana wawo?”

“Ama, akufuna kumutenga mwana.”

Foni inazima pomwepo. Sindinadziwe ngati amva mawu omalizawo.

Podikira, wapolisi wachinyamata anandibweretsera sitetimenti kuti ndisaine. Analoza pansi pa pepala ndi chala, cholembera chili kale m'dzanja langa. Ndinati ndiwerenge kaye.

“N'zomwe mwanena zija. Kapena mukufuna muchonge ndi inki yofiira?”

“Ndiwerenga msanga.”

Sindinawerenge msanga. Anali atalemba m'Chingerezi, mwachidule. Zambiri zinali zolondola, koma analemba kuti mwanayo ndi wa ku Tanzania, ndipo za imfa ya mayi ake sanazilembe konse. Sindikhulupirira kuti anachita dala, ankangothamangira kumaliza. Koma pepala limenelo likanapita kukhoti ndi dzina langa pansi, likunena kuti ndatenga mwana wa dziko lina amene mayi ake sakudziwika kumene ali. Ndinamuuza kuti mwanayo anabadwira kuchipatala cha konkuno, bambo ake ndine Mmalawi, choncho ndi nzika ya dziko lino, ndipo ndikupempha zilembedwe pamodzi ndi za imfa. Anadandaula kuti pepala lidetsedwa. Mkuluyo anati akonze. Anakonza, ndinawerenganso, ndinasaina pambali pa malo onse okonzedwa ndi pansi pa mzere womaliza, osasiya mpata.

Kenaka panalibe chochita. Anandilola kukhala pakhonde ndi mwana. Anthu a m'boti anali atapita, kupatula mwini boti amene ankafunsidwabe ndi wamalonda uja. Mayi wa usipa anatsala mpaka minibasi yake itaimba hutala kachiwiri. Anandisiyira mandasi m'pepala.

“Mukanandimvera bwenzi muli kunyumba,” anatero. Kenaka anasisita mutu wa mwana. “Kaya. Mwina bwenzi muli mkatimo ndi wa nsalu uja.”

Ndinamva mkuluyo akuimba foni ku Boma, akufunsa ngati galimoto ingapezeke. Mwana anandifunsa m'Chitonga, koyamba tsiku limenelo, kuti tipita liti. Ndinati posachedwa. Anafunsa ngati amama aphika nsomba. Ndinamupatsa mandasi.

Chimene chinayamba kuoneka pamsewu chinali sutikesi, ikugwedezeka pamwamba pa njinga yamoto ya kabaza. Mayi anga anali kumbuyo kwake, dzanja limodzi atagwira woyendetsa, lina atagwira sutikesi imene anaisenza pamutu chifukwa anakana kuti imangidwe ndi mphira ngati thumba la makala. Ndi munthu wamkulu, wa umanyano, gulu la amayi kutchalitchi, ndipo njinga yamoto amaiopa. Anatsika, anaika sutikesi pakhonde mosamala, mfundo ya chitenje ili momwe inalili. Mwana anawathamangira akuitana kuti ambuya. Anamunyamula, anamuyang'ana m'maso ndi m'makutu, n'kunena kuti wawonda. Kenaka anatembenukira kwa mkuluyo, m'Chichewa chawo cholemera Chitonga.

“Bwana, ndabwera nayo yonse. Ine sinditsegula. Iyeyu ndiye mwini maliro, atsegule yekha, inu muone, kuti eni ake akadzafunsa ndidzanene kuti boma ndi limene linalamula.”

“Amayi, boma silinalamule,” anatero mkuluyo. “Tangopempha mapepala.”

“Ndiye mudzalembe choncho, koma ine ndidzanena kuti ndi boma.”

Wapolisi wachinyamata anaseka, ndipo ulendo uno mkuluyo anamwetulira pang'ono. Anawafunsa mayi mafunso paokha, ine ndili panja: mwanayu ndi wa yani, anabadwira kuti, mayi ake ali kuti, anapita bwanji kutsidya. Kenaka anandiitana kuti ndilowe ndi sutikesi. Ndinapempha kuti nditsegule ndekha, ndi kuti chilichonse chimene angasunge chilembedwe, andipatse kapepala. Anavomera. Ndinapemphanso kuti mwana akhale panja ndi wapolisi wamkazi.

Mfundo inali yolimba. Apongozi anga amamanga ngati akumanga katundu wa m'boti. Ndinaimasula ndi zikhadabo, pang'onopang'ono, chifukwa sindinafune kuti wina abwere ndi mpeni. Nditatsegula, chinayamba kutuluka ndi fungo la mafuta ake odzola. Sindinali nditakonzekera zimenezo. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Pamwamba panali diresi yobiriwira imene ankavala popita kusikelo ya amayi oyembekezera. Ndinaichotsa, ndinachotsa zitenje, ndinaziika pampando mopindika momwe zinalili, mpaka ndinapeza thumba lija pansi, pafupi ndi nsapato.

Mkuluyo anawerenga chilichonse mosafulumira. Buku la kusikelo linali ndi dzina la mwana, la mayi ake ndi la mudzi wathu. Kapepala ka kubadwa kanali ndi dzina langa. Kalata ya imfa inali ndi dzina lomwe lija la m'buku. Anafananiza ndi chitupa changa, anafananiza ndi zimene mayi anamuuza. Anatuluka kukaimbira mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, amene nambala yake inali pachikuto cha buku. Ndinamumva akuti, “Chabwino, zikomo.” Kenaka anaimbanso ku Boma kuti galimoto isabwere.

Nthawi imeneyo ndi imene chitseko chinatseguka. Wapolisi wamkazi anali atatembenuka kuyankha munthu, ndipo mwana anazemba. Anaima pakhomo, anaona mpando. Anapita molunjika, anatenga chitenje chachikasu cha maluwa chimene mayi ake ankamuberekera, n'kuchiika kumaso.

“Cha amama,” anatero. Anayang'ana kuseri kwa chitseko, anayang'ana pansi pa tebulo. “Ali kuti?”

Wapolisi wachinyamata anayamba kusanja mapepala amene anali osanjika kale. Wapolisi wamkazi anandiyang'ana, n'kunena chapansipansi kuti pepani, iye anangofunsa zimene amayenera kufunsa. Ndinamuuza kuti ndikudziwa. Ndinamunyamula mwanayo pamodzi ndi chitenjecho n'kumuuza kuti ndimuuza tikafika kunyumba.

Mkuluyo anabwerera pampando wake. Anandibwezera mapepala onse a m'thumba. Pasipoti anasunga, n'kundilembera kapepala kosonyeza kuti ili kwa iye, kuti ndikaitenge ku Boma mawa lake itadindidwa, ndipo ndipite ndi mwanayo ndi mapepala ake kuti nkhani ya kutuluka kwake ikalembedwe ndi kutsekedwa. Anandichenjeza kuti kutulutsa mwana m'dziko mopanda chitupa ndi kulakwira lamulo ngakhale womutenga akhale agogo ake, ndipo tsiku lina akadzafuna kukawaona, ndidzayambe ndamupezera chitupa chake, kalata ya imfa ndidzayende nayo.

“Mwandipsera mtima, aphunzitsi?”

“Ndinapsa mtima, bwana.”

“Ndinaona.” Anatseka cholembera. “Alipo ana amene amadutsa magombe ano ndi amuna onena kuti ndi abambo awo. Ena amalira kuposa inu. Pitani naye.”

Ndinabwezera zovala m'sutikesi. Chitenje chachikasu mwana anakana kuchisiya, ndipo mayi anati chisiyeni, adzafotokoza okha kwa apongozi. Anamanganso mfundo ndi manja awo, yosiyana ndi yoyamba ija, kuti aliyense adzaone kuti inamasulidwapo. Tikutuluka, wamalonda uja anaitana kudzera pakazenera ka chitseko kuti ndimuimbire mkazi wake. Ndinamuuza kuti foni yanga yazima, koma ali ndi ufulu wodziwitsa abale ake, apemphe modekha. Wapolisi wamkazi anati amva, amupatsa mpata.

Tinakwera minibasi mpaka pamphambano, kwinako tinayenda pansi. Ine ndinasenza sutikesi paphewa. Mwana ankatsogola, chitenje chikukwekwereka m'matope, ndipo njira ankaikumbukira. Atangoona nyumba anathamanga. Ndinamumva akutsegula chitseko cha kuchipinda, kenaka cha kukhitchini, kenaka akuzungulira kuseri kumene timayanika chinangwa. Mayi anandigwira mkono.

“Muuze kuti apita ku Mzuzu. Akadali mwana.”

“Ayi, ama. Lero bodza ngati limenelo linatsala pang'ono kumutengetsa.”

Analowa m'nyumba ndi sutikesi.

Ndinakhala pakhonde. Mwana anabwera kuchokera kuseri, akupuma mwamphamvu, anaima patsogolo panga. Ndinamukhazika pamiyendo monga m'boti muja, ndinamufunditsa chitenje, n'kumuuza m'Chitonga, m'mawu ochepa amene angamve: kuti mayi ake anadwala kwambiri, anamwalira, sabweranso, ndipo sikuti iye analakwa kanthu. Anapotapota nsonga ya chitenje ndi chala. Kenaka anafunsa ngati mawa apolisi adzamutenga.

Ndinamuuza kuti ayi. Mawa tipita ku Boma limodzi, tikatenge pasipoti, ndipo tibwerera limodzi.